Zatheka, nsapato ndasintha ndipo chitenje sichinasinthe

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Chithunzi changa cha thupi lonse ndinajambulitsa pamchenga ku Senga Bay nditavala patapata. Ndingaikepo bwanji nsapato zachikopa popanda kukhudza chitenje ndi bulauzi?"

Zikomo abale, zatheka. Poyamba ndinkangolembera pulogalamu ya AI kuti isinthe nsapato, koma iyo inkajambulanso chithunzi chonse, mpaka maluwa a chitenje changa ankatuluka ena. Ndinadandaula kwambiri, chifukwa chitenjecho anandipatsa ndi amayi anga.

Chimene chinathandiza ndi kusankha malo ochepa. Mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, ndinazunguliza mapazi okha ndi Lasso Tool, chida chosankhira malo pachithunzi, kuchokera pa akakolo kutsika, ndikusiya kampata pansi pa mpendero wa chitenje. Ndinaphatikizanso mchenga pang'ono wozungulira mapaziwo, kenaka ndinagwiritsa ntchito Generative Fill, chida cha AI chimene chimajambula zatsopano pamalo osankhidwa okhawo. Mchengawo ndi wofunika. Ulendo woyamba ndinausiya, ndipo nsapato zinkaoneka ngati zikuyandama chifukwa zinalibe mthunzi pansi, komanso zingwe za patapata zinkaonekerabe m'mbali.

Zosinthazo zimakhala pa Layer yakeyake, imene ili ngati pepala loikidwa pamwamba pa chithunzi choyambirira, choncho ndinkaizimitsa ndi kuiyatsa, maso ali pa mpendero. Palibe duwa limene linasuntha.