Ndili ndi pakati, ndigule liti tikiti yopita kumudzi mu Disembala?

Membala wosatchula dzina

Moni nonse. Ndimakhala ku Leeds kuno ku UK ndipo ndili ndi pakati pa masabata 17, mimba yoyamba, mwana mmodzi. Kusikani ananena kuti tsiku lochira ndi 20 Malichi. Mng'ono wanga akumanga ukwati ku Lilongwe pa 20 Disembala, ndiye ndikufuna kunyamuka pa 15 Disembala n'kubwerera pa 10 Januwale. Mayi anga akuti ndikhale mpaka pakati pa Febuluwale popeza ndinapita kalekale. Mitengo ya matikiti a Khirisimasi ikungokwera, abambo akunyumba akuti tigule lero lomwe. Ine ndikuopa kugula kenako akandibweze pabwalo la ndege. Kodi malire ake ndi ati, nanga ndigule panopa kapena ndidikire?

Amake Tadala

Mwana wanga, ndege amaletsa ukafika miyezi 7. Iwe mu Disembala udzakhala uli ndi miyezi 6, ndiye palibe vuto. Gula basi.

Nachisale, mzamba

Amake Tadala, mwalondola mbali ina, koma a ndege sawerenga miyezi, amawerenga masabata. Pa miyezi 7 paja, amene ndi masabata 28, si pamene amaletsa, ndi pamene ambiri amayamba kufuna kalata ya dokotala kapena mzamba. Kuletseratu kumabwera cha pa masabata 36 ngati mwana ndi mmodzi, ndi 32 ngati ndi mapasa. British Airways imalemba malire omwewa, kutha kwa sabata ya 36 ndi kutha kwa sabata ya 32. Makampani ena amatseka msangako, makamaka pa maulendo ataliatali.

Achemwali ofunsa, tiyeni tiwerenge ndi masiku anu omwe. Tsiku la 20 Malichi ndilo masabata 40 enieni. Tikabwerera m'mbuyo masabata 12 tikufika pa 26 Disembala, ndiye tsiku limene mudzakwanitse masabata 28. Ponyamuka pa 15 Disembala mudzakhala ndi masabata 26 ndi masiku atatu, ndipo makampani ambiri sadzakufunsani kanthu. Koma pobwerera pa 10 Januwale mudzakhala ndi masabata 30 ndi tsiku limodzi. Mudzakhala mutadutsa malire a kalata muli ku Lilongwe, mukudya nsima ya mayi anu. Anthu ambiri amagwera pamenepa, amawerengera tsiku lonyamuka n'kuiwala kuti mimba siima ukakhala patchuthi. Tsiku loyang'ana pogula tikiti ndi la ndege yanu yomaliza yobwerera.

Za mayi anuzo, pa 13 Febuluwale mudzakhala ndi masabata 35, pa 20 Febuluwale 36. Ndege ikangosinthidwa ndi masiku angapo, kapena miyendo ikatupa dokotala n'kukana kusainira, basi mwachirira ku Malawi musanakonzekere. Ine sindingakulangizeni kukafika kumeneko. Auzeni mwaulemu kuti 10 Januwale ndi yomweyo.

Phiri wa ku Joni

Komatu kuchirira kumudzi n'kwabwino, pali amayi anu okuthandizani kusambitsa mwana. Akazi anga anapita kukachirira ku Zomba ndipo zinayenda bwino. Mukuopa chiyani?

Membala wosatchula dzina

Achimwene, sindikupita kukachira ayi, ndikupita ku ukwati. Sikelo yanga yonse ili kuno, ndipo mwana akabadwira kumudzi ndiye kuti ndiyambe kuthamangira pasipoti yake ndi mapepala omulowetsera kuno. Ine ntchito ndiyenera kubwererako mu Januwale.

Anamwino, ndiye ndingotenga kalata kwa mzamba wanga ndisananyamuke?

Nachisale, mzamba

Tengani, ndipo tengani ndi mapepala anu onse a kusikelo m'chikwama cha m'manja. Koma musadalire kalata imeneyo pobwerera. Ikalembedwa cha pa 10 Disembala, pofika pa 10 Januwale idzakhala ya mwezi wathunthu, ndipo idzakhala ikunena za mayi wa masabata 25, osati wa masabata 30 amene waima pakauntala. Makampani ena amafuna kalata yolembedwa posachedwa, masiku 7 kapena 10 ulendo usanachitike. Ndiye konzani zokaonana ndi dokotala ku Lilongwe m'sabata yomalizayo, cha pa 5 kapena 6 Januwale, osati dzulo lake la ulendo. Akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, mkodzo ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi, kenako alembe.

M'kalatamo muonetsetse kuti muli dzina lanu monga lilili mu pasipoti, tsiku lochira, masabata amene muli nawo, mawu oti mwana ndi mmodzi, ndi oti palibe chovuta chimene chingakuletseni kukwera ndege. Ikhale m'Chingelezi, yosainidwa, ya deti ndi chidindo cha chipatala. Makampani ena ali ndi fomu yawoyawo yoti dokotala adzaze, ndiye fufuzani msanga muisindikize muli kuno.

Nangondo

Zimenezi zinandichitikira ine ndendende. Ndinali ndi masabata 31, ndikuchoka pa Chileka. Ndinatulutsa buku langa la kuchipatala, limene timalemberamo za kusikelo lija, ndikuganiza kuti likwanira popeza masiku onse analimo. Mtsikana wa pakauntala analitsegula, kuliyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mayi, apa sipanalembedwe kuti mukhoza kuuluka. Anaitana wamkulu wake, yankho lomwelo. Katundu anali atakwera kale pasikelo, anachita kumutsitsa. Ndinabwerera m'tauni kukasaka dokotala, ndipo ndinalipira ndalama yosinthira tsiku. Iwo sangakuyezeni, amangoona mimba ndi pepala. Mimba ikakhala yaikulu ngati yanga amafunsa ngakhale masabata asanakwane, ndiye kalata ya ku Leeds ija ingakuthandizeni ngakhale popita.

Banda wa maulendo

Ine ndimagulitsa matikiti, ndiye ndilankhule za mbali yangayo. Palibe ndege yochoka ku UK n'kukatera pa Kamuzu osaima penapake. Mudzasinthira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Tikiti imatha kukhala imodzi, ya dzina la kampani imodzi, koma ndege zake n'kukhala za makampani awiri kapena atatu. Lamulo limene limagwira ntchito pakauntala ndi la kampani imene ikuulutsa ndegeyo tsiku limenelo. Pa tikiti yang'anani mzere wolembedwa kuti "operated by". Mupite patsamba la kampani iliyonse yatchulidwa pamenepo, muwerenge gawo la amayi oyembekezera, kenako mutsatire imene ili yokhwimitsa kuposa zinzake. Jambulani tsambalo mu foni.

Za kugula lero kapena kudikira, Disembala sadikira munthu. Gulani panopa, koma tikiti yolola kusintha tsiku, ndipo funsani kuti kusinthako ndi ndalama zingati. Yotchipitsitsa ija, yosasinthika ndi yosabweza ndalama, si ya mayi woyembekezera.

Nachisale, mzamba

A Banda, pa kugula lero ndisiyana nanu pang'ono. Achemwaliwa atsala ndi masabata atatu kuti apite ku sikani ya masabata 20, cha kumapeto kwa Okutobala. Sikani imeneyo ndi imene imaonetsa mmene mwana akukulira ndiponso pamene nsengwa yakhala. Ikapezeka kuti yakhala m'munsi, pafupi ndi khomo la chiberekero, pamakhala chiopsezo chotaya magazi, ndipo dokotala akhoza kunena kuti ulendo wautali chonchi ayi. Nthawi zambiri nsengwa yotere imadzakwera yokha mimba ikamakula, koma amadzaonanso cha pa masabata 32, ukwati utatha kale. Masabata atatu si ambiri.

Banda wa maulendo

Kwa inu si ambiri, anamwino, koma mipando yotchipa ya pakati pa Disembala imatha m'masabata ngati omwewa. Akadikira akhoza kulipira zambiri kuposa ndalama yosinthira tsiku. Achite masamu, aone chimene chikupweteka pang'ono. Chinanso, inshulansi ya paulendo agule tsiku lomwelo la tikiti, ndipo awerenge kuti imateteza woyembekezera mpaka sabata iti. Malire a inshulansi ndi a ndege safanana nthawi zonse.

Amake Tadala

Koma ine ndasokonezeka. Akati kutha kwa sabata ya 36, ndiye kuti tsiku lokwanitsa 36 kapena lokwanitsa 37?

Chisomo wa ku Lusaka

Ine ndinakwera Emirates kuchokera kuno. Iwo amafuna kalata ukalowa sabata ya 29, ndipo ndinkamva kuti 36 yonse umaloledwa mpaka tsiku lake lomaliza.

Nachisale, mzamba

Pamenepa ngakhale ife timakanganapo. Kusikelo tikati masabata 35 ndi masiku 6, ndiye kuti 35 atha ndipo munthu ali tsiku lomaliza la sabata ya nambala 36. Wina amawerenga mawu omwewo n'kumva kuti ndi masabata 36 ndi masiku 6. Kusiyana kwake ndi sabata yathunthu. Amene ali pafupi ndi malirewo alembere kampaniyo, atchule tsiku lochira ndi tsiku la ulendo, iwo ayankhe molemba. Achemwali athuwa sizikuwakhudza akabwerera pa 10 Januwale.

Chimene chikuwakhudza kwambiri ndi malungo. Disembala ndi Januwale ndi dzinja, udzudzu uli ponseponse, ndipo munthu amene wakhalitsa kunja chitetezo chija chimatha. Malungo kwa woyembekezera amachepetsa magazi, ndipo magazi akachepa kwambiri dokotala sasainira kalata yobwerera. Kambiranani ndi dokotala wanu za mankhwala oteteza, chifukwa ena monga dokisisaikilini sayenera kwa woyembekezera, ndipo muzikagona m'neti. M'ndegemo pemphani mpando wa m'mbali mwa njira, lamba azidutsa pansi pa mimba, muzimwa madzi ndi kudzuka kuyendayenda pafupipafupi. Ulendo wopitirira maola 4 umawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mwendo, ndiye funsani za masokosi othina aja. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka kukatumba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Membala wosatchula dzina

Zikomo nonse. Ndayang'ana tikiti imene abambo anapeza, ndipo zoona, ndege yochoka ku Lilongwe ndi ya kampani ina. Ndawalembera kufunsa kuti kalata ikhale ya masiku angati. Mzamba wanga ndikumana naye Lachinayi. Zogula lero kapena kudikira sikani sitinagwirizanebe m'nyumba muno. Mayi ndawaimbira za 10 Januwale, angoti tikambirana ukafika.

Phiri wa ku Joni

Nanga akakhala mapasa osaoneka pa sikani yoyamba? Apongozi anga anadziwira tsiku lochira.

Nachisale, mzamba

Apongozi anu anajambulidwa sikani, a Phiri?

Phiri wa ku Joni

Ayi, unali 1989, kumudzi.