Zotsatira za funso la ndalama zobisika posintha ndalama paulendo

Funso langa lija linali lakuti: "Kodi njira yotchipa ndi iti popita kunja, pakati pa kulipira ndi khadi, kutumiza ndalama kudzera ku banki, ndi kusintha ndalama zapamanja?"

Ndabwerako, ndipo ndapeza kuti phindu lobisika limaoneka munthu akayerekeza mtengo umene wapatsidwa ndi mtengo wapakati wa pamsika wa tsiku lomwelo, womwe uli pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira ndalamazo. Mwachitsanzo, ngati mtengo wapakati ndi madola 110 pa mayuro 100, koma wosintha ndalama akufuna madola 118, ndiye kuti wadyapo madola 8, ngakhale atalemba pakhomo kuti salipiritsa kanthu. Malo osinthira ndalama a pabwalo la ndege ndiwo anandidyera kwambiri.

Khadi linatchipa, koma pokhapokha ndikasankha kulipira m'ndalama za dziko limene ndinali. Makina olipirira akafunsa ngati ndikufuna kulipira m'ndalama za kwathu, kuvomera kumapatsa kampani ya makinawo mpata woika mtengo wakewake, umene nthawi zambiri umaposa wa Visa kapena Mastercard.

Kutumiza kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki amagwiritsa ntchito potumiza ndalama kunja, sikunayenere ndalama zochepa, chifukwa mabanki ena amene ndalamazo zimadutsamo amadulapo gawo lawo zisanafike.