Pepala la kafukufuku wa chimanga ndi nandolo: ndiyambire pati?

Chisomo, Luchenza: Akuluakulu, andipatsa pepala la kafukufuku la masamba 14, lonena za kubzala chimanga pamodzi ndi nandolo, akuti Lachisanu ndikafotokozere alimi otsogolera. Ndaliyamba katatu koma sindikupitirira tsamba lachiwiri. Inu mumaliwerenga bwanji?

A Phiri, Bvumbwe: Achemwali, musaliwerenge motsatira masamba. Yambani ndi kandime kali pansi pa mutu, kolembedwa Abstract. Muwerenge kawiri, ndipo mulembe m'kope mayankho a mafunso awa: amafuna kudziwa chiyani, anayesera kuti, kwa nyengo zingati, anapeza chiyani. Mukatero dumphani mpaka pa Conclusion, kumapeto, mndandanda wa mabuku usanayambe. Ngati palibe, tengani ndime yomaliza ya Discussion. Kenako yerekezani ziwirizo. Kandime koyamba n'kakafupi, ndiye olemba amaikamo zimene zinayenda bwino. Mawu oti "koma" nthawi zambiri amakhala kumapeto: mwina zokolola zinakwera pokhapokha pamene anathira feteleza, kapena m'chaka cha mvula yabwino chokha.

Mayi Nanyoni, Chonde: Ziwirizo n'zokwanira, mwanawe. Zapakatizo n'za anthu a ku Bunda.

A Phiri, Bvumbwe: N'zokwanira mayi, pofuna kudziwa ngati pepalalo likutikhudza. Koma nambala yokauza alimi iyenera kuchokera pa tebulo la mu Results. Tiyerekeze kuti tebulo likuti chimanga chokha 2.0 t/ha, chosakaniza ndi nandolo 2.3 t/ha. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye ndi matumba 40 ndi 46 pa hekitala. Pa ekala mugawe ndi 2.5: matumba 16 ndi 18 ndi kapang'ono. Tsono muone timalemba tili pambali pa manambalawo. Ngati onse ali ndi a, kafukufukuyo sanatsimikize kuti pali kusiyana, matumba awiriwo akhoza kungobwera chifukwa mbali ina ya munda ndi yachonde. Ngati ina ili ndi a, inzake b, kusiyanako n'kodalirika. Pamene alemba LSD pansi pa tebulo, kusiyana kuyenera kuposa nambala imeneyo: ikakhala 0.5, ndiye 0.3 wathu uja sanafike.

Achimwene Yohane, Muloza: Nandolo musamuthithikize.

Chisomo, Luchenza: Zikomo achimwene, koma ndimafunsa za kawerengedwe. A Phiri, ndapeza kuti onse ali ndi a m'chaka choyamba, chachiwiri ndiye asiyana. Komanso anayesera kuchigawo chapakati.

Mayi Nanyoni, Chonde: Apo ndiye samalani. Kuno timabzala msanga, nthaka yathu yambiri ndi yowawasa, ndipo nandolo wathu amadalira chiperoni. Ine sindingatchule matumba, ndingangoti tiyesere pa munda wachitsanzo.

A Phiri, Bvumbwe: Ine ndingatchule, bola Chisomo anene komwe anayesera. Chisomo, onani mu Methods kuti anabzala nandolo wa mtundu wanji, wocha msanga kapena wokhalitsa, mutiuze.