Mayi akulota linthumbu usiku uliwonse: tiyambire pati?

Mlangizi wa zaumoyo, Nsanje: Anzanga, pali mayi wina amene kwa masabata atatu akulota linthumbu litamuzinga pamphasa, pena atakodwa mu ukonde wa kangaude. Amadzidzimuka cha m'ma 3 koloko, tulo osabweranso. Apongozi ake akuti ndi zaufiti. Ndimuthandize bwanji?

Namwino, Ngabu: Muyezeni malungo basi. Thupi likatentha munthu amalota zoopsa. Komanso kutentha kwa kuno ku chigwa, Okutobala mpaka madigiri 40, tulo timadukizadukiza, nchifukwa chake maloto amakumbukika. Tanthauzo palibe.

Mlangizi: Tinayeza, malungo alibe.

Phungu, Chikwawa: A namwino akunena zoona kuti tiyambire pathupi, koma tisathere pomwepo. Onani kaye mphasa ndi ming'alu ya khoma ngati muli nsikidzi, ndiponso pakati pa zala ngati pali mphere, poti kuyabwa kumalowa m'maloto. Funsaninso ngati wayamba mankhwala atsopano. Zonsezi zikakhala bwino, musamumasulire malotowo, mufunseni kuti, "Linthumbu litakuzingani mumamva bwanji, nanga masana ndi chiyani chimakupatsani mtima womwewo?" Kawirikawiri sakutchulirani vuto limodzi lalikulu ayi, koma timavuto tambirimbiri: ngongole ya banki m'khonde, fizi, ntchemberezandonda m'munda. Zaukonde zija fufuzani mofatsa ngati pali pomwe akuona kuti alibe potulukira, kaya m'banja kaya kwa womukongoza. Funso limeneli apongozi asakhalepo.

Wothandizira odwala, Nchalo: Ndiye kuti tikapopere mankhwala m'nyumbamo?

Phungu: Pokhapokha nsikidzi zitapezekadi, achimwene. Chochita ndi ichi: dzuwa lisanalowe akhale mphindi 15 kutchula zomudetsa nkhawa, asankhepo chimodzi chomwe angachitepo kanthu mawa. Asachite izi pogona, tulo timathawiratu. Kenako masana asinthe mathero a lotolo mwini wake, mwina linthumbu likupatuka n'kulowera kuthengo, ndipo aziliona m'maganizo mphindi 10 tsiku lililonse. Ambiri amalakwitsa pomusankhira mathero, ndiye sizigwira chifukwa si ake. Muonaneninso pakatha masabata awiri, atawerenga masiku omwe walota.

Dokotala wamng'ono, Bangula: Siyanitsani kulota ndi kuona uli maso. Kuona kangaude pakhoma pomwe ukudzuka, n'kuzimiririka m'kamphindi, sikoopsa. Koma munthu wa kachasu amene wasiya mwadzidzidzi masiku awiri kapena atatu apitawo, akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuona tizilombo ali maso, ameneyo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nayenso amene loto lake likubwereza za madzi osefukira a Freddy mu 2023, kapena akukamba zodzipha, mutumizeni kwa a zamaganizo.

Namwino: Ine ndikukayikabe zoti kangaude akuimira ngongole. Tikhoza kumuika mawu m'kamwa.

Phungu: Nchifukwa chake timangofunsa. Akati sizikugwirizana, mukhulupirireni.

Mlangizi: Zamveka. Nanga apongozi aja? Akuti Loweruka apita naye kwa sing'anga, ndipo ndalama yake akakongolanso.