Ndilembe bwanji pansi pa chithunzi kuti anthu asatione ngati akuba?

Funso:
Abale anga a pa Joni ndithandizeni maganizo. Tili ndi banki mkhonde kuno ku Rosettenville, azimayi okhaokha, timasonkha R500 pamwezi kuyambira Januwale mpaka Novembala nkugawana Disembala anthu asanakwere mabasi opita kumudzi. Chaka chamawa tikufuna tiwonjezere anthu asanu ndiye ine ndi amene ndimaika zithunzi pa Watsapu ndi pa Fesibuku. Ndinalemba kuti "Bwerani amayi okondedwa, ndalama zanu zichulukane, Disembala mudzamwetulira, tiyankhuleni kumbali" koma atcheya akuti zikumveka ngati za anthu oba aja, iwo akufuna tingolemba malamulo ndi chindapusa basi, ine ndikuona ngati zimenezo zithamangitsa anthu ngati kalata ya kukhoti. Pakatikati ndi pati?

Msungichuma wa gulu lina, Mayfair:
Asisi atcheya anuwo akunena zoona pa mbali imodzi. Mawu amene akuopsa pamenepo ndi "zichulukane" komanso "kumbali". Anthu kuno anapsa ndi MMM mu 2016 yomwe inkalonjeza 30% pamwezi, kenako kunabwera timagulu ta pa Watsapu toti ponyani R200 mulandire R1,000, ndipo onsewo amalemba mokoma komanso nambala zenizeni amakuuza kumbali. Ndiye inu nambala ziikeni poyera, kukomako kukhale pa moni ndi ulemu. Ine ndikanalemba chonchi: "Moni amayi. Gulu lathu la ku Rosettenville lili ndi malo a anthu asanu. Timasonkha R500 pamwezi kwa miyezi 11, ndiye zosunga zanu zimakwana R5,500, kuphatikiza gawo lanu la chiwongoladzanja chimene chapezeka. Ndalama zimakhala ku banki, osayinira ndi atatu. Bwerani Lamlungu mudzatione kaye, musabweretse ndalama tsiku loyamba." Mzere womalizawo ndi umene umagwira mtima, wakuba sangakuuze kuti usabweretse ndalama. Koma za osayinira atatuzo mulembe ngati zilidi choncho, osangokopera.

Wofunsa:
Zikomo amama. Akaunti ilipo, osayinira ndi awiri ndiye ndilemba awiri. Nanga phindu ndisatchule nambala? Chaka chatha aliyense anapeza kenakake ndithu pamwamba.

Msungichuma uja:
Ya chaka chatha tchulani, koma munene kuti ndi ya chaka chatha ndipo imatengera mmene anthu akongolera ndi kubweza. Ya chaka chamawa musalonjeze, akangothawa munthu mmodzi ndi ngongole phindu limatsika ndiye anthu adzakutulutsirani chithunzi cha zomwe munalemba nokha.

Bambo wa ku Yeoville:
Ine ndimati ikani chithunzi cha ndalama zili pa tebulo tsiku logawana, anthu amakhulupirira akaona ndi maso, umboni umenewo.

Mayi wa ku Turffontein:
Ayi achimwene, umboni ndi wofunikadi koma osati umenewo, mukufuna atsotsi adziwe nyumba ndi tsiku? Magulu amaberedwa Disembala pogawana. Jambulani kope la maakaunti mutabisa mayina, kapena azimayi atakhala pamsonkhano ngati avomera kujambulidwa, ena safuna nkhope zawo pa Fesibuku chifukwa achibale kumudzi amayamba kupempha.

Wina:
Ngongole ya R2,000 mungandipatse sabata ino? Pasipoti ndisiya ngati chikole

Wofunsa:
Pepani achimwene timakongozana mamembala okhaokha, ndipo pasipoti ya munthu sitisunga.

Msungichuma uja:
Mwaona asisi, mzere woti ngongole ndi ya mamembala okha uikeni pansi pa chithunzi chilichonse. Sitokofela, dzina la banki mkhonde kuno, ikamakongoza mamembala ake lamulo la ngongole la kuno silikhudza, koma mukayamba kukongoza anthu akunja pa chiwongoladzanja muyenera kulembetsa ku NCR, bungwe loyang'anira za ngongole, ndipo ngongole zazing'ono za miyezi yochepa malire ake ndi 5% pamwezi pa ngongole yoyamba. Kusunga pasipoti kapena khadi la ku banki la munthu nkoletsedwa, ndi zomwe amachita akatapila aja amati amashonisa. Pa ngongole lembaninso poyera, mwachitsanzo mukatenga R1,000 mubweza zakuti pa tsiku lakuti, mukachedwa chindapusa ndi chakuti, osati "chiwongoladzanja chochepa" chifukwa kuchepa kwa inu si kuchepa kwa wina.

Mayi wa ku Turffontein:
Ine kwathu timayamba ndi vesi, anthu amamasuka.

Bambo wa ku Yeoville:
Amene anandidyera ndalama ine amayambanso ndi vesi mmawa uliwonse, ndikaona vesi pafupi ndi nambala ya akaunti ndimabwerera. Komanso muli ndi Asilamu ambiri pa Joni pano ochokera ku Mangochi.

Wofunsa:
Za vesizo ndikafunsa gulu Lamlungu, tili ndi Asilamu atatu. Nanga chikumbutso kwa ochedwa kubweza, atcheya amafuna mayina aikidwe pa gulu, inu mumatani?

Msungichuma uja:
Ife pa gulu timangolemba kuti tsiku lobweza ndi pa 5 ndipo atsala anthu awiri, mayina ayi, mwiniwakeyo timamuimbira foni. Mayina amatchulidwa pamsonkhano akadumphitsa mwezi wachiwiri.