Mtengo wa golide amauika ndani? Agogo akuti kale sunkasintha

Mdzukulu wa Mtheba: Moni nonse apagulu, ndithandizeni maganizo. Mlongo wanga amasefa golide kumtsinje, ndipo wasonkhanitsa magalamu 8. Wogula wina anatchula mtengo wake Lolemba, pofika Lachinayi anautsitsa, akuti "kunja wagwa". Agogo athu aamuna, amene anagwira ntchito mumigodi ku Joni cha m'ma 1965, akuti limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Akuti zaka zonse zimene anali kumeneko mtengo wa golide unali umodzimodzi, ndipo ngakhale azungu a pamgodi ankadandaula nawo. Ndiye wonama ndani? Tigulitse kapena tisunge?

NaPhiri wa ku Zomba: Mavenda amenewo musamawamvere. Golide sagwa mtengo, ndi chifukwa chake mabanki amamusunga. Sungani basi.

Mphunzitsi Wopuma: Agogo anuwo sakunama, koma akunena za dziko limene linatha. M'chaka cha 1934 boma la Amereka linaika mtengo wa madola 35 pa aunsi imodzi, imene ndi magalamu 31.1. Ndiye kuti galamu inali dola imodzi ndi masenti 13. Pa mgwirizano wa ku Bretton Woods mu 1944 mayiko anamangirira ndalama zawo ku dola, dolayo n'kumangiriridwa ku golide. Banki yaikulu ya dziko lina ikabwera ndi madola 35, Amereka inkayenera kupereka aunsi imodzi. Mtengowo sunkachokera pamsika, linali lonjezo la boma, ngati mmene boma limalengezera mtengo wa chimanga, kusiyana kwake n'koti uwu unakhala zaka zoposa 30 osasuntha. Eni migodi ku Joni akanalekeranji kudandaula? Zipangizo zinkakwera, migodi inkapita pansi, koma katundu wawo mtengo uli pomwepo.

Bambo a Chisomo: Ndipo zonsezi anazithetsa ndi Nixon, pulezidenti wa Amereka, mu 1971, tsiku limodzi. Ndinawerengapo zimenezo.

Mphunzitsi Wopuma: Bambo a Chisomo, mwalasa koma mwayambira pakati. Chingwe chinayamba kuduka kale. Madola anachuluka kunja kwa Amereka kuposa golide amene anali m'nkhokwe zawo, anthu n'kuyamba kukayika lonjezo lija. Mu 1961 mabanki aakulu a mayiko asanu ndi atatu anasonkha golide pamodzi, kuti mtengo ukati ukwere pamsika wa ku London iwo azigulitsa wawo, ubwerere pa 35. Kunali kutunga madzi ndi dengu. Falansa inatulukamo, paundi inagwa mphamvu mu Novembala 1967, ogula anakhamukira ku golide, ndipo mu Malichi 1968 mabankiwo anagwa ulesi. Kuyambira pamenepo panali mitengo iwiri: wa 35 pakati pa maboma okhaokha, ndi wa pamsika umene unkayenda wokha. Chimene Nixon anachita pa 15 Ogasiti 1971 ndi kutseka zenera lotsalalo, kuti ngakhale maboma asamasinthenso madola ndi golide. Anayesabe kulemba mitengo yatsopano, 38 kenako 42.22 mu 1973, koma inali ya papepala chabe popeza panalibe amene akanagula pa mtengo umenewo. Chodabwitsa n'choti mpaka pano boma la Amereka limalembabe golide wake m'mabuku pa 42.22.

Achimwene a ku Kasungu: Ndiye kwacha yathu inalimba nthawi ya Kamuzu chifukwa inali ndi golide kumbuyo eti? Bwanji osangobwezeretsa zimenezo?

Mphunzitsi Wopuma: Ayi achimwene, kwacha inayamba mu 1971 momwemo, itamangiriridwa ku paundi, makwacha awiri paundi imodzi. Munthu sankapita nayo kubanki kukatenga golide. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mdzukulu wa Mtheba: Zikomo aphunzitsi. Nanga lero, "kunja" kumene akunena wogulayo ndi kuti kwenikweni? Ndingadziwe bwanji ngati akutipusitsa?

Mayi wa Maakaunti: Ndiyankheko pamenepo mchemwali. Lero palibe boma loika mtengo. Golide amagulitsidwa usana ndi usiku, makamaka ku London, New York ndi Shanghai, ndipo mtengo umasintha mphindi iliyonse. Umene anthu ambiri amalemba m'mapangano ndi wa ku London, wotuluka kawiri patsiku, 10:30 m'mawa ndi 3 koloko masana nthawi yakumeneko. Amatchula mtengo woyambira, ogula ndi ogulitsa n'kunena kuchuluka kwa golide amene akufuna pa mtengowo. Ogula akachuluka amaukweza pang'ono n'kuyambiranso, mpaka mbali ziwirizo zitayandikana. Pafoni lembani LBMA Gold Price, muona wa Lolemba ndi wa Lachinayi.

Kenako werengani nokha. Tingoyerekeza kuti aunsi ili pa madola 2,000, inu muikepo mtengo wa tsikulo. Gawani ndi 31.1, galamu ikhala madola 64.3. Mtengo umenewo ndi wa golide woyengedwa, pamene wa kumtsinje amakhala ndi siliva ndi zina. Tinene kuti atamuyeza apeza kuti pa magawo 100 aliwonse 85 ndiwo golide. Magalamu 8 aja asanduka 6.8, ndiye madola pafupifupi 437. Mukatero chulukitsani ndi mtengo wa dola m'makwacha. Wogula adzachotsapo phindu lake, zimenezo n'zachidziwikire. Koma ngati ku London mtengo watsika ndi 1 pa 100 iye n'kukudulani 10 pa 100, pamenepo sikuti kunja wagwa, wagwetsa ndi iyeyo. Ndipo nthawi zambiri kuba sikukhala pa mtengo, kumakhala pa sikelo ndi pa kuyeza kuja. Funsaninso kumene Reserve Bank imagulira golide kwa okumba ang'onoang'ono, muyerekeze mitengo, komanso muonetsetse kuti mlongo wanuyo mapepala ake ali bwino.

NaPhiri wa ku Zomba: Komabe ine ndikuti asunge. Onani mmene wakwerera zaka zino.

Mayi wa Maakaunti: Wakweradi NaPhiri, koma mawu oti sagwa aja ndiwo ndikukana. Atamasulidwa anathamanga kuchoka pa 35 kufika pa madola 850 mu Januwale 1980. Kenako banki yaikulu ya ku Amereka inakweza chiwongoladzanja kufika cha m'ma 20 pa 100. Golide sabereka, mukamuika m'kabati amangokhala mmene munamuikira, ndiye anthu anamutaya n'kuthamangira kumene ndalama ikubereka. Pofika 1999 anali pa madola 250 ndi pang'ono, ndipo 850 ija sanaionenso mpaka 2008. Amene anagula pamwamba anadikira zaka 28. Kale mabanki aakulu ndiwo ankagwira mtengo, lero nawonso ndi ogula ndi ogulitsa ngati ena onse, kungoti matumba awo ndi akulu.

Bambo a Chisomo: Koma inu mukuwerenga m'madola. Ife timadya makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa ndi 44 pa 100, amene anali ndi golide m'thumba anaseka, amene anagulitsa dzulo lake analira.

Mayi wa Maakaunti: Pamenepo sinditsutsa. Kuno mitengo yoyandama ndi iwiri, wa golide ndi wa dola, ndipo wachiwiriwo nthawi zina ndiwo umaluma kwambiri. Koma magalamu 8 m'nyumba ya kumudzi, anthu onse akudziwa, nazonso n'zoopsa.

Mdzukulu wa Mtheba: Ndaona mitengo ija, kuyambira Lolemba watsikadi koma pang'ono zedi, osati mmene ananenera. Mawa tikayezetsa kwina kaye. Agogo ndawawerengera zonsezi, angopukusa mutu, akuti ndiye iwo anakumba golide wa dola imodzi. Za kusunga sitinagwirizanebe, mlongo wanga akufuna malata mvula isanayambe.