Njerwa zosaotcha zikung'aluka, ndisakanize bwanji?

Moni nonse akuluakulu. Ndikumanga nyumba ku Dedza ndi njerwa zosaotcha, zopsinja pa makina a manja. Dothi lake ndi katondo wosefa, ndipo ndikuthira ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 12 za dothi. Vuto ndi lakuti zikamauma zikuchita ming'alu, m'makona namonso mukuyoyoka ukangokanda ndi chala.

Ndimasakaniza kaye zili zouma ndisanathire madzi. Madziwo ndachepetsa, njerwazo ndaphimba ndi pulasitiki n'kumathirira masiku 14, koma palibe chasintha. Nditayesa dothilo m'botolo la madzi, dongo linachuluka kuposa mchenga.

Kodi ndiwonjezere mchenga wa kumtsinje wochuluka bwanji, kapena dongo lotere limafuna laimu m'malo mwa simenti? Nanga inu amene munamangirapo, khoma lake limapirira mvula popanda pulasitala, makamaka cham'munsimu?